Yankho lalakwika koma wapata 4 pa 5: kodi wochonga masamu amayang'ana chiyani?

Pa mafunso a alijebula, yankho lomaliza limakhala ndi malikisi ochepa kuposa momwe ophunzira ambiri amaganizira. Funso la malikisi asanu, yankho lenilenilo mwina latenga imodzi kapena awiri basi. Otsalawo amakhala m'mizere yapakati, ija ena mumailemba kuseri kwa pepala la mafunso kapena pachikhatho n'kuitaya. N'chifukwa chake zimatheka kuti anthu awiri onse alakwitsa yankho, koma wina wapata 4 pomwe mnzake wapata 1, ndipo wochonga sanakondere aliyense.

Ndimaphunzitsa masamu, ndipo ndikabweza mapepala dandaulo limabwera mbali ziwiri. Wina amati, "Sala, ine ndangophonya kachinthu kakang'ono, bwanji mwandidula?" Wina naye amati, "Sala, uyu yankho lake si lolondola, ndiye malikisiwa awatenga kuti?" Onse awiri akufunsa funso limodzi, loti malikisi amagawidwa motani. Tiyeni titenge samu imodzi tiyende nayo mpaka kumapeto.

Funso lake ndi la maikweshoni awiri oyendera limodzi, aja m'kalasi timati saimoteniyasi. Pezani x ndi y:

4x + 3y = 43

3x − 2y = 11

Njira yodziwika ndi yochotsa chilembo chimodzi kuti titsale ndi chinzake. Tikufuna y achoke. Ikweshoni yoyamba ili ndi 3y, yachiwiri ili ndi −2y, choncho tichulukitsa yoyamba ndi 2 ndipo yachiwiri ndi 3, kuti zonse zikhale ndi 6y:

8x + 6y = 86

9x − 6y = 33

Popeza kwina kuli +6y kwina −6y, tikaphatikiza maikweshoniwa y atheratu. Titsala ndi 17x = 119, ndipo 119 kugawa ndi 17 ndi 7. Ndiye x = 7. Tikamulowetsa 7 ameneyu mu ikweshoni yoyamba tipeza 28 + 3y = 43, kenaka 3y = 15, kenaka y = 5.

Ndisanayambe kuchonga pepala lililonse, ndimakhala nditalemba kale pomwe malikisi asanu aja agona. Aphunzitsi a masamu timagwiritsa ntchito zilembo ziwiri makamaka, M ndi A, zomwenso mungazione mu ndondomeko zochongera zimene mabungwe ena a mayeso, monga la Cambridge, amatulutsa poyera. M ndi malikisi a njira: kodi munthuyu wachita chinthu choyenera kuchita pa sitepe imeneyi? A ndi malikisi a kulondola: kodi nambala yomwe yatuluka ndi yoona? Pa funso lathuli ndimagawa motere. M yoyamba ndi ya kuchulukitsa maikweshoni kuti chilembo chimodzi chifanane. M yachiwiri ndi ya kusankha bwino pakati pa kuphatikiza ndi kuchotsera kuti chilembocho chichoke. Kenaka A ya x = 7. M yachitatu ndi ya kulowetsa x mu ikweshoni imodzi pofuna y. Pomaliza A ya y = 5. Atatu a njira, awiri a kulondola. Mphunzitsi wina kapena bungwe la mayeso angagawe mosiyanako pang'ono, koma ganizo lake ndi lomweli.

Pali lamulo limodzi lomangirira zilembo ziwirizi. M mutha kuipata ngakhale nambala zalakwika, koma A simuipata ngati M yomwe ikuitsogolera palibe. Kunena kwina, nambala yolondola yomwe yatuluka m'njira yolakwika siwerengedwa.

Tsopano pepala loyamba. Mtsikana uyu wayenda bwinobwino: wachulukitsa, waphatikiza, wapeza x = 7, walemba 28 + 3y = 43. Mzere wotsatira walemba 3y = 43 − 28, ndipo pansi pake 3y = 25. Yankho lake ndi y = 25/3.

Kodi 25 wachokera kuti? Yang'anani manambalawo. Pochotsera 28 mu 43 timayenera kubwereka, chifukwa 8 sangachoke mu 3. Iye pothamanga wangotembenuza: 8 kuchotsa 3 ndi 5, 4 kuchotsa 2 ndi 2, basi 25. Ndi cholakwika cha ku pulaimale, chomwe chimabwereranso munthu akatopa kapena akamva woyang'anira mayeso akuti kwatsala mphindi khumi. Pa alijebula palibe chomwe waphonya. Wadziwa chochulukitsa, wadziwa kuti apa mpophatikiza, wadziwa kulowetsa x, wadziwanso kuti 28 achotsedwe mbali zonse. Ndimupatsa M, M, A, M, ndipo A yomalizayo ndimumana. Wapata 4 pa 5.

Wina anena kuti ndamumvera chisoni. Ayi ndithu. Malikisi anayiwo wagwirira ntchito, ali papepala, aliyense atha kuwaloza ndi chala. Ndipo chilango chalowa: imodzi yapita, sibwereranso. Chomwe sindichita ndi kumulanga kasanu pa cholakwa chimodzi.

Pepala lachiwiri ndi la mnyamata amene naye wapunthwa pa kuwerengera, koma wapunthwa msanga. Wafika pa 17x = 119 bwinobwino, kenaka walemba x = 8. Wagawa molakwika basi. Watenga 8 wakeyo n'kumulowetsa: 32 + 3y = 43, ndiye 3y = 11, ndiye y = 11/3. Mayankho ake onse awiri ndi olakwika. Mukangoyang'ana pansi pa pepala mungati uyu sadziwa kanthu.

Koma tiyeni tiyende naye mzere ndi mzere. M yoyamba ilipo, yachiwiri ilipo. A ya x yapita. Nanga M yolowetsa x? Funso la wochonga apa ndi lakuti: ndi x yemwe iye anapeza, kodi wachita choyenera? Wachita. Wamulowetsa pamalo pake, wachulukitsa ndi 4, wachotsa 32 mu 43 molondola. M imeneyo ndi yake. A yomaliza ndiye imavuta, chifukwa 11/3 si 5. Pa ndondomeko yangayi sapata, choncho ali ndi 3 pa 5. Ndondomeko zina zimalola kutsatira nambala ya wophunzira mwiniyo, ndipo pamenepo pambali pa A pamalembedwa ft. Ikakhala yotero, wochonga amawerengera yekha kuti x akakhala 8, y ayenera kukhala chiyani, ndipo akapeza 11/3 amapereka. Koma zimenezi sachita mwa kufuna kwake. Zimayenera kukhala zitalembedwa mu ndondomeko, kuti ophunzira onse achongedwe ndi muyezo umodzi.

Taonani kuti awiriwa alakwitsa zinthu zofanana kukula kwake, wina kuchotsera, wina kugawa, koma wachiwiriyu wataya zambiri. Kupunthwa koyambirira kumaipitsa nambala zonse zotsatira, ndipo A iliyonse ya kutsogoloko imakhala pangozi. Ngati muli ndi masekondi ochepa obwereza kuwerengera, agwiritseni ntchito pa mizere yoyamba.

Pepala lachitatu ndi lomwe limabweretsa mkangano. Mwini wake walemba chonchi:

8x + 6y = 43

9x − 6y = 11

Wachulukitsa mbali ya kumanzere yokha, ya kumanja waisiya momwe inalili. Waphatikiza, wapeza 17x = 54, ndipo kuyambira pamenepo kuwerengera kwake konse n'kolondola, mafulakishoni ndi zonse. Amabwera atakwiya: "Sala, ine ndangoiwala kutaimuza manambala awiri okha. Mnzangayu walakwitsa samu ya Sitandade 3 mwamupatsa 4, ine mwandipatsa zochepa chonchi?"

Ndimamumvetsa, koma izi si zofanana. Ikweshoni ili ngati sikelo ya pamsika: chomwe wachita mbali imodzi uchitenso mbali inayo, apo ayi sikeloyo yapendekeka. Kunena kuti 4x + 3y ndi 43, kenaka n'kunenanso kuti 8x + 6y ndi 43 yemweyo, ndiye kuti ukuti kuwirikiza katundu sikusintha kulemera kwake. Pamenepa sipanaterereke dzanja. Lamulo lomwe funsoli likuyesa ndi lomwe lathyoledwa, ndipo lathyoledwa kawiri, m'maikweshoni onse. M yoyamba palibe. Yachiwiri imadalira yoyamba, chifukwa zomwe akuphatikizazo salinso maikweshoni a funso lija. A zonse zapita. Chomwe angatole ndi M yolowetsa x. Wapata 1 pa 5.

Ndiye wochonga amasiyanitsa bwanji kuterereka ndi kusadziwa? Ine ndimadzifunsa kuti: nditamupatsa munthuyu kakuleta, kodi cholakwikachi chingachoke? Mtsikana woyamba uja atadina 43 − 28 apeza 15, samu yonse yakhala bwino. Wachiwiri atadina 119 ÷ 17 apeza 7. Koma wachitatuyu ngakhale mutamupatsa kakuleta yodula bwanji, adzadinabe 43 + 11, chifukwa m'mutu mwake ndi momwe samuyo ikuyendera. Kakuleta imakonza kuwerengera, siuza munthu choti awerengere.

Funso lachiwiri lomwe ndimadzifunsa ndi lakuti, kodi papepala pali umboni woti lamuloli amalidziwa? Apa ndiye pali milandu yovuta. Tiyerekeze wina walemba 8x + 6y = 86 molondola, koma pansi pake walemba 9x − 6y = 11. Pa manambala asanu ndi imodzi oyenera kuchulukitsa, wachulukitsa asanu n'kudumpha imodzi. Kakuleta siingamuthandize, zoona, koma 86 uja akuchitira umboni kuti amadziwa zoti mbali ya kumanja nayo imachulukitsidwa. Ine ameneyu ndimamupatsa M, ndipo ndondomeko zambiri zimalola cholakwika chimodzi pa sitepe ngati imeneyi. Pali aphunzitsi anzanga amene sangapereke, ndipo ali ndi mfundo. Chofunika n'chakuti chigamulocho chipangidwe kamodzi, kuchonga kusanayambe, ndipo chigwire pa pepala lililonse, la mwana wanzeru ndi la amene amakhala kumbuyo.

Zizindikiro za pulasi ndi mainasi ndi zomwe zimanamiza ophunzira kwambiri, chifukwa kachizindikiro ndi kakang'ono ndipo munthu amaona ngati kulakwitsa kwake n'kochepanso. Tengani amene wafika pa 8x + 6y = 86 ndi 9x − 6y = 33, kenaka m'malo mophatikiza wachotsera, n'kulemba −x = 53. Iye akuganiza kuti 6y kuchotsa −6y ndi ziro, pomwe ndi 12y. Chilembo chomwe amafuna kuchotsa sichinachoke, wangochifufuta. M yachiwiri ija inaikidwa pa chisankho chimenechi, ndiye yapita, ndipo A ya x yapita nayo limodzi. Si kuterereka kumeneko ayi.

Koma pali china chomwe malikisi paokha sanena. Bwererani pa mzere uja wa 28 + 3y = 43. Wophunzira wina amalemba 3y = 43 + 28, n'kupeza 71. Wawolotsa 28 osasintha chizindikiro. Pa ndondomeko yathu ija M yolowetsa x wapata kale, ndiye angotaya A yomaliza. Ali ndi 4 pa 5, chimodzimodzi mtsikana wa 25 uja. Pa pepala la mayeso ndi ofanana. Kwa ine monga mphunzitsi si ofanana m'pang'ono pomwe. Wa 25 ndimangomulembera mzere wofiira pansi pa nambalayo, amaseka yekha akaona. Wa 71 ndimakhala naye pansi, chifukwa cholakwika chakecho chimutsatira pa funso lililonse lomwe lili ndi ikweshoni, ndipo pa funso lina M idzakhala pa sitepe yomweyo. Mukalandira pepala lanu musamangoona nambala yozunguliridwa pamwamba. Funsani kuti yomwe mwatayayo ndi M kapena A.

Palinso malire ena a kutsatira nambala ya wophunzira. Cholakwika chikaipeputsa samu, malikisi otsatira sabwera. Mwachitsanzo, pa funso lofuna kuthetsa ikweshoni yokhala ndi x², wina akalakwitsa mpaka x² n'kusowa, amatsala ndi kasamu kophweka ka Fomu 1. Ngakhale akathe bwino kasamu kameneko, sanaonetse luso lomwe funsolo limafuna, choncho wochonga alibe poikapo M. Izi n'zosiyana ndi amene wakopera molakwika, monga kulemba 34 m'malo mwa 43, samu n'kukhalabe yolemera chimodzimodzi. Ameneyu kawirikawiri M zake amapata, n'kutaya pa kulondola.

Zonsezi zikudalira chinthu chimodzi: kuti njirayo ioneke. Wochonga salowa m'mutu mwanu. Mtsikana woyamba uja anapulumuka chifukwa analemba 3y = 43 − 28 asanalembe 25, ndipo analemba 28 + 3y = 43 pamwamba pake. Tiyerekeze kuti mnyamata wachiwiri uja anawerengera zonse pambali n'kungolemba x = 8, y = 11/3. Ndi ziro. Nzeru zomwezo, cholakwika chomwecho, koma malikisi atatu apita chifukwa palibe mzere woikapo M. Ena mumanyadira kuti "ine ndimasova ya m'mutu", ndipo tsiku lomwe yankho lalondola zimaoneka zabwino. Tsiku lomwe mwaterereka mulibe pogwira. Komanso funso likanena kuti muonetse njira, yankho lokhalokha, ngakhale lolondola, silingatenge malikisi onse.

Pa kufufuta ndinenepo pang'ono. Mukaona kuti mwalakwitsa, dulani ndi mzere umodzi woti zolembazo ziziwerengekabe, ndipo musadule musanalembe zina m'malo mwake. Ndaonapo mapepala omwe munthu wadetsa ntchito yoyenera malikisi atatu mpaka pepala kubooka, nthawi n'kumuthera asanalembe china. Musasiyenso njira ziwiri zosiyana zonse zili chilili kuti wochonga asankhe yekha. Kusankhako ndi ntchito yanu, ndipo si ochonga onse amene angakusankhireni yabwinoyo.

Tsopano mfundo ya amene amatsutsa, chifukwa si yopanda pake. Amati kunja kuno kulibe malikisi a njira. Namwino akalakwitsa mlingo wa mankhwala, wodwala safunsa ngati fomula inali yolondola. Mmisiri akadula thabwa lalifupi, lafupika basi. Zoona zimenezo. Koma mayeso ndi muyezo, ndipo muyezo wabwino uyenera kusiyanitsa anthu osiyana. Tiyerekeze pepala la mafunso khumi a malikisi asanu lililonse. Wina akudziwa njira zonse koma paliponse akuterereka pa mzere womaliza. Wina sanalembe kalikonse. Tikachonga mayankho okha, onse apata ziro pa 50, ndipo pepalalo latinamiza, chifukwa likuti awiriwa amadziwa zofanana. Tikachonga njira, woyambayo apata 40, ndipo 10 zomwe watayazo ndi mtengo wa kusasamala kwake. Pa MSCE, pomwe giredi 6 ndi kirediti koma 7 ndi kungokhoza, ndipo mapointi a maphunziro asanu ndi limodzi ndi omwe amawerengedwa, malikisi khumi pa pepala limodzi atha kumusuntha munthu giredi. Choncho wosasamalayo sanakhululukidwe, walipira molingana ndi cholakwa chake.

Ndipo A ija sikuti ndi yongoisiya ipite. Pa maikweshoni oyendera limodzi mutha kudziwa nokha ngati mwalondola musanapereke pepala. Chizindikiro choyamba ndi maonekedwe a yankho. Funso la manambala osalala likakupatsani 25/3 kapena 54/17, imani kaye. Sikuti fulakishoni ndi yolakwika nthawi zonse, mafunso ena mayankho ake ndi mafulakishoni ndithu, koma ndi chifukwa chokwanira chobwereranso m'mwamba.

Chachiwiri ndi kuyesa mayankho anu mu ikweshoni, ndipo apa pali msampha womwe ambiri amagwamo. Mnyamata wa x = 8 uja atayesa mu ikweshoni yoyamba apeza 4 kuchulukitsa 8 ndi 32, 3 kuchulukitsa 11/3 ndi 11, kuphatikiza ndi 43. Zagwirizana! Atseka pepala ali wokondwa. Koma zinayenera kugwirizana, chifukwa y wakeyo anamutenga mu ikweshoni yomweyo. Nambala iliyonse yomwe akanaika pa x, ngakhale 100, ikanamupatsa y wogwirizana ndi ikweshoni yoyamba. Mboni yeniyeni ndi ikweshoni yomwe simunaigwiritse ntchito popeza y. Mu yachiwiri, 3 kuchulukitsa 8 ndi 24, kuchotsa 22/3, zikupereka 50/3, osati 11. Pamenepo wadziwa kuti china chalakwika, ndipo popeza ikweshoni yoyamba yagwirizana, kulowetsa kuja kunali bwino, vuto lili pa x. Abwerere pa 17x = 119, achulukitse 17 ndi 8, apeza 136, ndipo cholakwika chagwidwa.

Mtsikana wa 25/3 naye atayesa mu ikweshoni yachiwiri apeza 21 kuchotsa 50/3, yomwe ndi 13/3, osati 11. Akayesanso mu yoyamba apeza 28 kuphatikiza 25, yomwe ndi 53, osati 43. Zonse ziwiri zakana, ndipo kukana kwa yoyambayo kukumulozera pa mizere yomaliza, pomwe anapezera y. Ndi mayankho oona, 21 kuchotsa 10 ndi 11, ndipo 28 kuphatikiza 15 ndi 43. Kuyesa konseku sikudya ngakhale mphindi imodzi.

Nthawi ikatha mutadziwa kuti yankho silikugwirizana koma simunapeze pomwe palakwika, musadule kanthu. Siyani mizere yonse momwe ilili. Pa funso lathuli, mizere imeneyo ndi malikisi atatu kapena anayi.